Kampani ikati isenza chiopsezo chonse cha madzi athu, tiikhulupirire?

Funso: Ndine mayi, membala wa bodi ya bungwe la ogwiritsa ntchito madzi pa tawuni ina yaing'ono m'chigawo chapakati. Sikimu yathu ili ndi zitsime zitatu za mapampu a magetsi, thanki imodzi, makiyosiki ndi mipope ya m'makomo. Kwabwera kampani yomwe ikufuna kuyendetsa sikimuyi kwa zaka khumi, izitolera ndalama n'kumatipatsa gawo lathu mwezi ndi mwezi. Akuti chiopsezo chonse asenza okha, ife sitidzaluzapo kanthu. A ku khonsolo akuoneka kuti akondwa nazo. Kodi zimenezi n'zotheka? Tiyang'ane chiyani tisanasayine?

Yankho: Mayi, n'zosatheka, ndipo ngakhale zikanatheka sindikanakulangizani kuti muvomere. Kampani ikhoza kuchoka, koma anthu a m'tawuni mwanu sangasamuke. Mipope ikadzauma, amene adzafunsidwe pa msika ndi pa maliro ndi inuyo a bodi. Chiopsezo chimenecho palibe pepala lingakuchotsereni. Chimene mgwirizano wabwino umachita n'kugawa zinazo, vuto lililonse kwa amene angathe kulichepetsa, n'kulemba momveka amene adzalipire zinthu zikapanda kuyenda monga munayembekezera.

Zimene akukupatsanizi mumazidziwa kale, kungoti mumaziona pa msewu. Mwini minibasi amapatsa dalaivala galimoto n'kumuuza tageti ya tsiku. Mafuta ndi a dalaivala, kusowa kwa anthu okwera n'kwa dalaivala, zotsala pamwamba pa tageti n'zake. Mwini amasamala injini, matayala ndi inshuwalansi. Tageti ikakhala yoyenera, onse amadya. Ikakhala yokwera kuposa zimene msewu ungapereke, dalaivala sabwera kudzati ndaluza. Amapanikiza anthu, amathamanga, amabisa kuti injini yayamba kugogoda, ndipo tsiku lina amangosiya makiyi. Mwini ankaganiza kuti anapereka chiopsezo chonse, koma chamubwerera ngati galimoto yakufa. Kubwereketsa sikimu ya madzi kumayenda chimodzimodzi. Mapaipi, zitsime ndi thanki zimakhalabe zanu, kampani imapopa, kukonza zing'onozing'ono, kulemba mabilu ndi kutolera, ndipo gawo lanu la pamwezi ndiye tageti.

Tiyeni tione pamene zinachitikadi pa mzinda waukulu, chifukwa nkhani yake inafika m'makhoti ndipo zambiri zinaululika.

Mu 2003 boma la Tanzania linabwereketsa ntchito ya madzi a mzinda wa Dar es Salaam kwa zaka khumi. Mwini katundu anali bungwe la boma la DAWASA. Wobwereka anali City Water Services, kampani yomwe anaipanga a Biwater a ku Britain, a Gauff a ku Germany ndi kampani ya ku Tanzania komweko ya Superdoll. Anayamba ntchito pa 1 Ogasiti 2003. Pambali pa mgwirizanowu panali pulojekiti yokonzanso malo oyeretsera madzi a mu mtsinje wa Ruvu ndi mapaipi a mumzinda, ya ndalama zoposa madola 160 miliyoni, zambiri zake ngongole zochokera ku Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, Banki ya Chitukuko ya mu Africa ndi banki ya mayiko a ku Ulaya. Kampani inayenera kuikapo madola 8.5 miliyoni ake. Taonani kusiyana kwa manambala awiriwo. Ndalama zomangira zinali pamutu pa boma, ndipo ndi mmene zimakhalira pa mgwirizano wobwereketsa. Chimene kampani inasenza chinali chiopsezo cha malonda: kugulitsa madzi okwanira ndi kutolera ndalama zokwanira kuti ilipire antchito, magetsi, mankhwala, kenako n'kupereka gawo la DAWASA.

Pofika tsiku lotsiriza la tenda, amene anapereka mtengo anali iwo okha. Makampani ena amene anaonetsa chidwi poyamba anabwerera m'mbuyo. Mtengo umene City Water inavomera kugwirira ntchito unali wotsika, ndipo unatsamira pa chiyembekezo chakuti ndalama zotolera zikwera msanga. Sizinakwere. M'kaundula wa makasitomala munali mayina a anthu osapezeka, nyumba zambiri zinalibe mita, olumikiza mozemba anali ochuluka, ndipo makina atsopano olembera mabilu anachedwa kuyamba kugwira bwino ntchito. Maofesi ena a boma anali ndi ngongole za madzi. Posakhalitsa kampani inayamba kulephera kupereka gawo la DAWASA, n'kupempha kuti mtengo wake uonedwenso. Bungwe loima palokha loona za mitengo, EWURA, linali lisanayambe ntchito. Linadzayamba mu 2006. Choncho woyang'anira mgwirizanowu anali nduna, amenenso anali mbali imodzi ya mkanganowo. Zokambirana zitalephereka, pa 13 Meyi 2005 nduna ya zamadzi, a Edward Lowassa, analengeza kuti mgwirizano watha. Pa 1 Juni akuluakulu atatu a kampaniyo anathamangitsidwa m'dzikomo, ndipo ntchito inapita kwa kampani ya boma yatsopano, DAWASCO. Zaka khumi zija zinatha zisanakwane ziwiri.

Milandu inali iwiri. Pa wa mgwirizano weniweniwo, oweruza anagamula kuti City Water ilipire DAWASA ndalama pafupifupi mapaundi 3 miliyoni. Pa wina, umene Biwater inasumira dziko la Tanzania ku bwalo loweruza milandu ya pakati pa maboma ndi makampani akunja, chigamulo cha mu Julaye 2008 chinati boma linalakwadi pa kachitidwe kake, monga kulanda maofesi ndi kuthamangitsa anthu aja, koma silinauzidwe kulipira chipukuta misozi chifukwa pofika nthawi imeneyo kampaniyo inali isalinso ndi phindu lililonse loti n'kulandidwa. Ndiye kuti kampani inaluzadi ndalama zake, monga mgwirizano unanenera. Koma kuluza kwake sikunabweretse dontho ngakhale limodzi ku mipope ya ku Temeke kapena Kinondoni, madera a mumzindawo. Anthu anataya zaka ziwiri, boma linatsala ndi ngongole, ndi maloya oti liwalipire.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa muzu wa vutoli ndi umene udzakupezeni inunso. Mbali zonse ziwiri zinasayina pa manambala amene panalibe anawatsimikiza. Pa sikimu iliyonse ya madzi pali manambala awiri amene amalamula zonse. Yoyamba ndi yakuti pa madzi onse opopedwa, ndi angati amene amafika pa bilu. Ena amathera m'nthaka chifukwa cha mapaipi odontha, ena amasefukira pa thanki usiku, ena amabedwa, ena amadutsa pa mita yakufa osawerengedwa. Yachiwiri ndi yakuti pa ndalama zonse zolembedwa pa mabilu, ndi zingati zimene zimalowadi m'thumba.

Nachi chitsanzo chongopeka, cha sikimu yofanana kukula ndi yanu, kuti muone mmene manambala awiriwa amagwirira ntchito. Tinene kuti mumapopa makiyubiki mita 10,000 pa mwezi. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Mtengo wapakatikati ndi K1,000 pa kiyubiki mita. Mwagwirizana kuti K700 ndi ya kampani, K300 ndi ya bodi, yosungira kugula pampu yatsopano ndi kuwonjezera mapaipi. Mabuku anu akuti madzi otayika ndi 35 pa 100 aliwonse, ndipo anthu amalipira K90 pa K100 iliyonse ya bilu. Kampani ikawerengera pamenepo ipeza kuti mabilu a pamwezi ndi K6,500,000, zotolera ndi K5,850,000. Ikakupatsani gawo lanu la K1,950,000 itsala ndi K3,900,000. Ngati magetsi, malipiro, kolorini ndi zokonzera zikudya K3,600,000, phindu lake ndi K300,000 pa mwezi. N'zochepa, koma ikhoza kugwira ntchito.

Tsopano kampani yalowa, yaika mita pa zitsime, yayendera nyumba ndi nyumba. Yapeza kuti madzi otayika ndi 45 pa 100, osati 35, ndipo anthu amalipira K80 pa K100. Mabilu atsikira pa K5,500,000, zotolera ndi K4,400,000. Gawo lanu, likawerengeredwa pa madzi olembedwa pa bilu, ndi K1,650,000. Kampani yatsala ndi K2,750,000 pamene ntchito ikufuna K3,600,000. Mwezi uliwonse ikuperewera K850,000. Palibe amene waba, palibe amene wachita ulesi. Manambala oyambira okha ndiwo anali olakwika, ndipo kusiyana kooneka kochepako kwasandutsa phindu la K300,000 kukhala dzenje loposa K10 miliyoni pa chaka.

Onaninso mphamvu ya mawu amodzi. Ngati mgwirizano ukunena kuti gawo la bodi lichokera pa ndalama zotoleredwa, osati zolembedwa pa bilu, ndiye kuti mulandira K30 pa K100 iliyonse ya K4,400,000, yomwe ndi K1,320,000. Kampani iperewera K520,000 m'malo mwa K850,000. Ndalama zokwana K330,000 pa mwezi zachoka m'thumba la bodi chifukwa cha liwu limodzi. Apa ndi pamene chiopsezo chimagawidwira, m'ndime ya kawerengedwe ka malipiro, osati m'mawu okoma a patsamba loyamba. Mukapatsidwa pepala lawo, yambirani ndime imeneyo. Ine ndimakonda kuti gawo la mwini lichokere pa zolembedwa pa bilu, chifukwa kutolera ndi ntchito ya kampani ndipo iyenera kumva kuwawa ikalekerera. Koma zimenezi n'zachilungamo pokhapokha nambala yoyambira ili yoona, komanso ngati mwaipatsa mphamvu yodula madzi kwa osalipira.

Kodi manambala a m'mabuku mwanu ndi oona? Funsani funso limodzi lokha: pa chitsime chilichonse pali mita yogwira ntchito, yomwe imawerengedwa tsiku ndi tsiku? Ndaonapo sikimu ina imene nambala ya madzi opopedwa ankaipeza pochulukitsa maola amene pampu yayaka ndi mphamvu yolembedwa pa chitsulo cha pampuyo. Pampuyo inali ya zaka zambiri, ndipo madzi a m'chitsime anali atatsika. Titaika mita tinapeza kuti imatulutsa madzi ochepa kwambiri kuposa a m'buku. Panalibe amene ananama dala, koma bodi ikanasayina mgwirizano pa nambala ija, mkangano ukanayamba mwezi woyamba.

Ku Senegal anakumana ndi vuto lomweli, koma analithetsa mwanjira ina. Mu 1996 boma linagawa ntchito ya madzi a m'mizinda pawiri. Bungwe la boma la SONES linakhala mwini katundu, lotenga ngongole ndi kumanga. Kampani ya SDE, yomwe mbali yaikulu inali ya a Saur a ku France, inatenga ntchito yoyendetsa, poyamba kwa zaka khumi. SDE inkalandira mtengo umodzi pa kiyubiki mita iliyonse, ndipo inapatsidwa zolinga ziwiri: kuti madzi ofika pa bilu akwere mpaka 85 pa 100, ndi kuti zotolera zifike 97 pa 100. Gawo la SONES linkawerengedwa ngati kuti zolingazo zakwaniritsidwa. Kampani ikalephera, zoperewerazo zinkachoka m'thumba lake. Ikapitirira, zapamwamba zinali zake. Ndi tageti ya minibasi ndithu, ndipo si yofewa. Ntchito itayamba zinadziwika kuti nambala yoyambira ya madzi ofika pa bilu, yomwe inalembedwa kuti 73 pa 100, inali pafupifupi 68. Mbali ziwirizo zinakhala pansi, n'kukonza nambalayo ndi kusuntha nthawi yofikira cholinga. SDE sinafike pa 85, inakhazikika cha m'ma 80, ndipo inkalipira chifukwa cha kupereweraku. Koma mgwirizano sunasweke. Unawonjezeredwa kangapo mpaka kumapeto kwa 2019, pamene tenda yatsopano inapatsa ntchitoyi kampani ina, Sen'Eau.

Pali chinthu china m'kachitidwe ka ku Senegal chimene ndingakonde mutatengera. Popeza kampani inkalandira mtengo umodzi pa kiyubiki mita, zinalibe kanthu kwa iyo kaya madziwo agulidwa ndi hotela kapena ndi banja losauka lolipira mtengo wotsika. Mukapangana kuti kampani izitenga gawo la ndalama za bilu iliyonse, idzakonda malo ogona alendo ndi nyumba za mipanda, chifukwa kumeneko n'kumene mtengo uli wokwera, ndipo madzi akachepa makiyosiki ndiwo adzayambe kutsekeredwa. Mukapangana mtengo umodzi pa madzi alionse ogulitsidwa, chigubu cha pa kiyosiki chimakhala ndi phindu lofanana ndi madzi a kwa bwana.

Choncho chinthu choyamba kuchipempha n'chakuti miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, kapena chaka, ikhale yoyeza. Muike mita pa chitsime chilichonse ndi potulukira thanki, muwerenge makasitomala khomo ndi khomo, mulembe msinkhu ndi mmene zilili pampu iliyonse, ndipo muziwerenga pamodzi, munthu wa bodi ndi munthu wa kampani, onse n'kusayina. Mgwirizano unene kuti zolinga zidzakhazikitsidwa kuchokera pa zimene mwapezazo, ndipo unenenso njira yake: mwachitsanzo madzi otayika azitsika ndi 2 kapena 3 pa 100 chaka chilichonse kuchokera pa nambala yoyezedwa. Kampani yodziwa ntchito imakondwera ndi ndime imeneyi. Imene ikukana, n'kumati musadandaule tisenza zonse, mwina sinawerengere, mwina ikudziwa kuti ikadzalowa idzabwera kudzapempha kukweza mtengo inu mulibenso kolowera.

Tsopano za kwacha, zomwe ku Malawi kuno simungazilambalale. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kutanthauza kuti chinthu chogulidwa kunja chinakwera ndi 44 pa 100 nthawi imodzi. M'chitsanzo chathu chija, tinene kuti pa K3,600,000 ya ntchito, K1,200,000 imapita ku zinthu zotsatira dola: kolorini, mamita, zipangizo za pampu, mapaipi ndi zolumikizira. Kwacha ikagwa motero, ndalama imeneyo ifika pafupifupi K1,730,000. Kukwera kwa K530,000 kwameza phindu lonse la K300,000, ngakhale manambala ena onse atakhala olondola. Ndipo magetsi nawo sachedwa kutsatira. Kampani ilibe mphamvu pa kwacha, bodi ilibenso. Chiopsezo chotere sichiperekedwa kwa mbali imodzi. Chimalembedwa m'njira yosinthira mtengo: mumagawa K700 ija m'zigawo, gawo la magetsi lizitsatira mtengo wa ESCOM, gawo la katundu wakunja lizitsatira mtengo wa dola wa Reserve Bank, gawo la malipiro lizitsatira kukwera kwa mitengo ya zinthu monga boma limalengezera, ndipo muzionanso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Kunena zoona, amene amalipira pamapeto pake ndi womwa madzi. N'chifukwa chake ndime imeneyi iyenera kuwerengedwa pa msonkhano waukulu wa mamembala, mafumu alipo, anthu adziwiretu. Mtengo wokwera pang'onopang'ono motsatira lamulo lodziwika umapiririka kusiyana ndi wodumpha kawiri patatha zaka zitatu za mkangano.

Ndipo mufunse kuti amene amavomereza mtengo watsopano ndi ndani. Ngati ndi bodi kapena khonsolo, chidzachitike n'chiyani njira ija ikanena kuti mtengo ukwere koma chaka chili cha chisankho, ndipo palibe akufuna kusayina? Chiopsezo chimenecho n'chanu, chifukwa cholembera chili m'manja mwanu. Mgwirizano unene kuti mukachedwetsa, zoperewerazo zizichotsedwa pa gawo la bodi. N'zowawa kuzilemba, koma zimateteza madzi, chifukwa kampani yomanidwa mtengo wake imakabweza pa kolorini.

Chimodzimodzi ndi ngongole za maofesi a boma. Chipatala, sukulu yogonera, polisi: awa nthawi zambiri ndi amene amamwa madzi ambiri pa tawuni yaing'ono, ndipo ndalama zawo zimachedwa. Mabodi akuluakulu a madzi m'dziko muno akhala akulira ndi vuto lomweli kwa zaka zambiri, mpaka kuyamba kuika mamita olipiriratu. Kampani singadule madzi ku chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo simungafune kuti itero. Ndiye musaiwerengere ngongole zimenezi ngati kulephera kwake. Njira zilipo ziwiri: mamita olipiriratu pa maofesi onse kupatula malo ochepa amene mwagwirizana, kapena ndime yakuti bilu ya boma ikapitirira masiku 90, ichotsedwe pa gawo la mwini, ndipo khonsolo ndiyo ikatsate ndalamazo. Popeza a ku khonsolo akondwa ndi mgwirizanowu, apa ndi pamene angaonetse kukondwa kwawo posayina.

Malire a kukonza ndi pomwe pamabuka mikangano ya tsiku ndi tsiku. Paipi yaphulika, imeneyo ndi ya kampani. Pampu yapsa, nanga imeneyo? Kampani idzati inali yokalamba, bodi igule. Bodi idzati munaiyendetsa madzi atatsika, gulani ndinu. Pamene mukukangana, tawuni ili pa mjigo. Lembani malire ndi ndalama ndi muyezo: chokonza chilichonse chosapitirira ndalama zakutizakuti n'cha kampani, paipi yosapitirira mamita akutiakuti n'ja kampani, zoposa apo n'za bodi, pokhapokha buku la pampu litaonetsa kuti sinasamalidwe. Ndipo gawo la bodi likhale ku akaunti yakeyake ya ku banki, yosayina anthu a mbali zonse, yosakhudzidwa pa maalawansi a misonkhano. Ngati pampu yafa ndipo akauntiyo ilibe kanthu, wolephera ndi bodi, ndipo kampani singalangidwe chifukwa cha madzi amene sinathe kupopa. Za chilala ndi kuuma kwa zitsime n'za mwininso, chifukwa ndiye ayenera kukumba china, koma kampani ikhale ndi udindo woyeza kuya kwa madzi mwezi uliwonse ndi kukuchenjezani nthawi ilipo.

Zimene ziyenera kukhala pamutu pa kampani popanda kuchitira chifundo ndi izi: antchito ake, kuwerenga mamita, kulemba ndi kutolera mabilu a anthu wamba, kutseka zodontha mwachangu, kuthira mankhwala mokwanira, ndi maola amene madzi akutuluka magetsi alipo. Pa zimenezi pakhale chilango cha ndalama, ndiponso chikole cha ku banki chokwana gawo lanu la miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, chomwe mungatenge ikasiya kulipira. Kampani imene ikuti isenza zonse koma singapeze banki yoiimira pa chikole chotere, ilibe msana wosenzera.

Mgwirizano ukayamba kudwala, zizindikiro zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Choyamba ndi kuchedwa kwa gawo lanu, monga zinayambira ku Dar es Salaam: mwezi uno labwera theka, mwezi wamawa akuti tikuphatikizirani. Chachiwiri ndi kolorini. Kachida koyezera n'kotsika mtengo, ndipo membala wa bodi akhoza kuphunzira tsiku limodzi. Yezani pa kiyosiki ya kutali kwambiri ndi thanki. Kolorini wotsala asatsike pansi pa mamiligalamu 0.2 pa lita. Akayamba kusowa kumeneko, dziwani kuti ndalama zikusungidwa pa umoyo wa ana anu, ndipo m'nyengo ya dzinja ndi mmene kolera imalowera. Chachitatu ndi bilu ya magetsi: pemphani kuona risiti mwezi uliwonse, chifukwa mayunitsi akatsika pamene makasitomala sanachepe, ndiye kuti maola opopa adulidwa. Chachinayi ndi anthu amene analipira kuti alumikizidwe koma miyezi ikupita osaona paipi. Zizindikirozi zikaoneka musathamangire kuthamangitsa kampani, komanso musakhale chete. Itanitsani mabuku, ndipo mgwirizano ukhale utatchula kale mkhalapakati wodziwa za madzi, wosakhala wa bodi kapena wa kampani, amene mawu ake adzamveke pasanathe masiku 30 kapena 60. Ku Zambia ntchito yoyang'anira mitengo ndi kagwiridwe ka makampani a madzi ili ndi bungwe lakelake, NWASCO. Pa sikimu yaing'ono ngati yanu, mkhalapakatiyo muyenera kumulemba nokha m'pepala.

Pomaliza penipeni pa mgwirizano pakhale ndime ya kusiyana. Tanzania inali ndi zifukwa zomveka zothetsera mgwirizano, koma inapezeka yolakwa chifukwa cha njira imene inatsata. Lembani masiku a chenjezo, nthawi yoti wolakwa akonze, ndi zimene kampani idzasiye pochoka: kaundula wa makasitomala ndi ngongole zawo, mapu a mapaipi, mabuku a mapampu, mankhwala a mwezi umodzi, ndi nambala ya foni imene anthu amalipirirapo. Nambala imeneyo ndi akaunti yake zikhale m'dzina la bungwe lanu kuyambira tsiku loyamba. Kaundula muzilandira kope lake mwezi uliwonse, chifukwa amene ali ndi kaundula ndiye ali ndi sikimu.

Zaka khumi kwa kampani imene sikuika ndalama zake m'nthaka ndi zambiri. Ikanakhala kuti ikukumba zitsime ndi kumanga thanki ndi ndalama zake, ikanafunikadi nthawi yaitali kuti ibweze. Ngati ikungoyendetsa, ine ndikanayamba ndi zaka zitatu, chaka choyamba chokhala choyeza, n'kulemba kuti zidzawonjezeredwa ikakwaniritsa zolinga. Ndikanapemphanso khonsolo kuti ntchitoyi ilengezedwe poyera kuti makampani ena apikisane, ndipo ifunse ku Public Private Partnership Commission, bungwe la boma loona za migwirizano ya boma ndi makampani, ndi kwa mkulu wa zamadzi wa m'boma lanu ngati mgwirizanowu ukutsata malamulo, popeza katunduyo anamangidwa ndi ndalama za anthu. Pa msonkhano wotsatira, mayi, pemphani kampaniyo ibweretse pepala la mawerengedwe ake: madzi amene ikuganiza kuti mumapopa, otayika, zotolera, ndi ndalama zoyendetsera. Mukhale nawo pansi, mukweze madzi otayika ndi 10 pa 100, mutsitse zotolera ndi 10 pa 100, muike dola pamwamba ndi 44 pa 100, kenako muwafunse kuti K850,000 kapena K1,380,000 yoperewera mwezi umenewo idzachokera m'thumba la ndani, ndipo ndime yake ndi iti.